Kuyeza ntchito ndi kupuma kwa achinyamata osewera ragibi

Mnyamata wa zaka 15 amene amasewera ragibi kusukulu komanso kukalabu angathe kulemedwa ntchito popanda wozindikira, chifukwa kochi aliyense amangowerengera nthawi yake yokha.

Kulemera kwa ntchitoyi kumayezedwa motere. Pakatha theka la ola chimalizireni zokonzekera, wosewera amatchula mmene zinawawira, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo nambalayo imachulukitsidwa ndi mphindi zimene wathera pabwalo. Mphindi 60 pa mulingo wa 7 zimapereka 420. Kochi amaphatikiza manambala a sabata yonse, a kusukulu ndi a kukalabu omwe, n'kuwayerekeza ndi a masabata apitawo. Akakwera modzidzimutsa, ntchito imachepetsedwa.

Kugundana kwa m'ragibi kumasiya minofu ili yofooka kwa masiku awiri kapena atatu. Choncho masewero akachitika Loweruka, kunyamula zitsulo kudikire Lachiwiri, ndipo Lachisanu likhale lopepuka.

Mnyamata akayamba kusowa tulo, kuchepa liwiro, kapena kumva ululu m'munsi mwa bondo pa nthawi imene akutalika msanga, ndiye kuti thupi silikupuma mokwanira. Achepetse kulumpha ndi kuthamanga, ndipo ululuwo ukapitirira akaonedwe kuchipatala.