Kupweteka m'mimba posamba: kwa masiku onse ndi kwa endometiriyosisi

Mkazi akamasamba, chiberekero chimafinyika kuti chitulutse magazi. Ululu wake umayamba tsiku loyamba kapena kutatsala tsiku limodzi, umakhala m'chinena ndi m'chiuno, ndipo umatha pasanadutse masiku 3. Ibuprofeni womwa utadya amauchepetsa.

Endometiriyosisi ndi nthenda ina. Timinofu tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake, n'kumatupa mwezi uliwonse. Bungwe la WHO limati imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka. Nthawi zambiri ululu wake umayamba kusamba kukadali kutali, umapitirira magazi atasiya, ndipo umakulirakulira chaka ndi chaka. Mayi wa ku Chintheche amene mwezi ndi mwezi amalephera kukayanika usipa, mapiritsi osamuthandiza, namva kuwawa pogonana kapena pochita chimbudzi ali kumwezi, asauzidwe kuti angopirira.

Kunyanja kuno pali chinanso chosokoneza: likodzo la kumaliseche nalo limapweteka m'chinena ndi pogonana, koma lili ndi mankhwala ake, prazikwantelo. Dziwaninso kuti sikani ya kuchipatala ikapanda kuonetsa kanthu sindiye kuti endometiriyosisi palibe. Lembani masiku a ululu kwa miyezi 3, mukaonetse kuchipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay.