Liwu lachiwiri ndi lachitatu m'kabokosi ka Excel

Excel sidziwa kuti liwu n'chiyani. Munthu akawerenga dzina lakuti Samora Moisés Machel amaona mawu atatu, koma pulogalamuyi imaona mndandanda wa zizindikiro 20 zondondozana, ndipo mipata iwiri ili m'gulu la zizindikirozo monga momwe zilembo zilili. Choncho kalaliki wa pasukulu kapena wa muofesi ya boma ku Lichinga akafuna kutulutsa dzina lapakati pa mayina olembedwa m'kabokosi kamodzi, ntchito yake yeniyeni ndi kupeza pomwe pali mipata, n'kudula zomwe zili pakati pake.

Kabokosi kamodzi ka tebulo, kamene a Chipwitikizi amati selula, kali ndi adiresi yake monga A2. Mpata wa pakati pa mawu umatchedwa cholekanitsa, ndipo ndiwo wokha umene ungauze makina kuti liwu lina latha, lina layamba. Chizindikiro chilichonse chili ndi malo ake, kuwerenga kuchokera kumanzere kuyambira pa 1. M'dzina lija, Samora akutenga malo 1 mpaka 6, mpata woyamba uli pa 7, Moisés ali pa 8 mpaka 13, mpata wachiwiri pa 14, ndipo Machel akuyambira pa 15. Chilembo cha é chimawerengedwa kamodzi, kachizindikiro ka pamwamba pake sikawonjezera malo.

Njira yoyamba imatsata kuwerenga komweku. `FIND(" ",A2)` amafunafuna mpata woyamba n'kubweza 7. Akauzidwa kuyambira pa 8, amadumpha mpata woyambawo n'kupeza wachiwiri pa 14. Kenako `MID` amafuna zinthu zitatu: kabokosi, poyambira kudula, ndi utali wa chodulidwacho. Poyambira ndi 7 kuwonjezera 1, utali ndi 14 kuchotsa 7 kuchotsanso 1, zomwe zikupereka 6.

```
=MID(A2,FIND(" ",A2)+1,FIND(" ",A2,FIND(" ",A2)+1)-FIND(" ",A2)-1)
```

Fomulayi imabweza Moisés, ndipo ndi yabwino pophunzirira chifukwa sitepe iliyonse imaoneka. Koma imafooka msanga. Dzina likakhala la mawu awiri okha, mpata wachiwiri kulibe, ndiye kabokosi kamalemba `#VALUE!`, kapena `#VALOR!` pa Excel ya Chipwitikizi. Kulumikiza mpata kumapeto polemba `A2&" "` kumathetsa vutolo. Pa liwu lachitatu pamafunika `FIND` wina mkati mwa anzake, ndipo fomula imatalika mpaka mwini wake yemwe amasokera nayo akaibwerera patapita mwezi.

N'chifukwa chake odziwa ntchito amakonda njira yachiwiri, yofutukula mipata. Mpata uliwonse umasinthidwa kukhala mipata 100, mawu n'kutalikirana ngati midzi ya m'mbali mwa msewu, kotero kuti kudula chidutswa cha zizindikiro 100 pamalo oyenera kumagwira liwu limodzi lokha.

```
=TRIM(MID(SUBSTITUTE(TRIM(A2)," ",REPT(" ",100)),(2-1)*100+1,100))
```

Iwerengedwe kuchokera mkati. `REPT` amapanga mipata 100, `SUBSTITUTE` amaiika paliponse pomwe panali mpata umodzi. Tsopano Samora akadali pa 1 mpaka 6, mipata ikuyenda kuchokera pa 7 mpaka 106, Moisés ali pa 107 mpaka 112, ndipo Machel wasunthira pa 213 mpaka 218. `MID` akudula kuyambira pa 101 mpaka 200. M'chidutswacho muli mipata isanu ndi umodzi, Moisés, ndi mipata ina yambiri pambuyo. `TRIM` wakunja amasesa mipatayo, n'kutsala dzina. Wofuna liwu lachitatu amangosintha 2 kukhala 3, kudula n'kuyambira pa 201, Machel n'kutuluka. Liwu lofunidwalo likakhala kulibe, kabokosi kamangokhala kopanda kanthu m'malo molemba cholakwa, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri pa mndandanda wa mayina osiyana utali.

Nambala 100 ili ndi malire ake. Liwu lililonse limakankhira anzake kutsogolo, choncho zilembo zonse kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto kwa liwu lofunidwa zisapitirire 100. Pa liwu lachiwiri kapena lachitatu zimenezi sizivuta, koma pa liwu la 25 la chiganizo chachitali yankho limatuluka lodukiza, kapena limakhala mchira wa liwu la kumanzere kwake. Kuika `LEN(A2)` paliponse pomwe pali 100 kumachotsa malirewo, popeza mipata imakula molingana ndi chiganizocho.

Ku Lichinga, monga m'maofesi ena a ku Mozambique, makompyuta ambiri amalankhula Chipwitikizi, ndipo fomula yokopedwa m'buku la Chingerezi imakanidwa pa zifukwa ziwiri. Mayina a mafomula ndi ena, komanso kumene koma amagwiritsidwa ntchito polemba madesimali, monga 12,50 MT, zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi `;`. Pa Excel ya Chipwitikizi cha ku Portugal fomula yomweyi imalembedwa motere:

```
=COMPACTAR(SEG.TEXTO(SUBST(COMPACTAR(A2);" ";REPETIR(" ";100));(2-1)*100+1;100))
```

Ya ku Brazil ili ndi mayina akeake: `ARRUMAR`, `EXT.TEXTO`, `SUBSTITUIR` ndi `REPT`. Chosokoneza kwambiri n'chakuti `FIND` ndi `LOCALIZAR` ku Portugal koma `PROCURAR` ku Brazil, pamene mnzake `SEARCH`, amene sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, amatenga dzina lotsalalo mbali zonse ziwiri. Pofunafuna mpata onse awiri amapereka yankho limodzi, kotero kusokonezaku sikuwononga kanthu pano. Fayilo yosungidwa kale imamasuliridwa yokha ikatsegulidwa pa makina a chilankhulo china. Chofunika kusamala ndi fomula yotayipa ndi manja.

Zolakwa zoopsa ndi zomwe sizilemba chenjezo. Wotayipa akagunda mpata kawiri, njira ya `FIND` imaona liwu lopanda zilembo pakati pa mipata iwiriyo. `TRIM` wamkati uja alipo kuti atsitse mipata yotere kukhala umodzi ntchito isanayambe. Koma `TRIM` amadziwa mpata wa nambala 32 wokha. Mawu okopedwa pa intaneti nthawi zina amabwera ndi mpata wa nambala 160, wofanana ndi winawo m'maso koma wosalekanitsa mawu. Chizindikiro chake n'chakuti mawu awiri amatuluka pamodzi ngati liwu limodzi, kapena yankho silituluka konse. `SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," ")` amausandutsa mpata wamba. Zizindikiro za m'kalembedwe nazo zimamatirira ku liwu: m'chiganizo chakuti "Tachoka Lichinga, tafika Mandimba", liwu lachiwiri limatuluka ndi koma wake, ndipo likayerekezedwa ndi Lichinga wa m'tebulo lina, makina amati n'zosiyana.

Palinso cholakwa chomwe fomula singachione. Mayina ambiri a ku Mozambique ali ndi timawu ta de, da kapena dos. Pa Marcelino dos Santos liwu lachiwiri ndi dos, ndipo fomula yayankha molondola ngakhale kuti kalaliki amafuna dzina la munthu. Liwu lachiwiri ndi dzina lachiwiri n'zinthu ziwiri zosiyana, choncho mndandanda wa mayina uyenera kuunikidwa ndi maso fomula ikatha ntchito, makamaka mayankho a zilembo ziwiri kapena zitatu.

Mu 2022 Microsoft 365 inalandira `TEXTSPLIT`, imene imagawa chiganizo chonse nthawi imodzi, kotero `INDEX(TEXTSPLIT(TRIM(A2)," "),3)` amapereka liwu lachitatu mosavuta. Excel 2016 ndi 2019 siziidziwa. Fayilo yomwe idzayenda pa fulashi kuchoka ku Lichinga kupita ku ofesi ya ku Metangula kapena Cuamba, komwe makina angakhale akale, ndi bwino ilembedwe ndi njira yofutukula mipata, imene imagwiranso ntchito pa LibreOffice Calc.