Kuchokera ku chikwapu kufika ku gulu la ana ozunzidwa

Kale nkhani ya kuzunzana pasukulu inkamveka kwambiri m'sekondale zogonera konko, kumene a Fomu 1 ankachapitsidwa zovala ndi kulandidwa ndiwo ndi akuluakulu awo. Wozunza akagwidwa ankakwapulidwa, kukumbitsidwa dzenje kapena kuchotsedwa sukulu. Wozunzidwayo ankangouzidwa kuti alimbe mtima.

Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Kumadera othithikana ngati Chemusa ndi Mbayani, mphunzitsi wa kalasi yodzaza sakanadziwa kuti ndani amalandidwa ndalama ya mandasi pa buleki. Phunziro la Life Skills litabwera, ana anayamba kumva za kudzidalira, koma ambiri amangoloweza zimene zili pabolodi.

Pakati pa 2003 ndi 2008, pulojekiti ya Safe Schools ya USAID inayesa njira ina ku Machinga. Mabuku ake a Doorways anali atatu: la ana, la alangizi a m'mudzi ndi la aphunzitsi. Kenaka bungwe la Ujamaa Pamodzi linabweretsa maphunziro a IMpower, oyambira ku Nairobi, m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima. Atsikana ankakumana maola awiri pa sabata kwa masabata 6. Cholinga chinali kupewa kugwiriridwa, koma njirayo ndi imene mwana wozunzidwa amasowa: kuyeserera ndi thupi ndi mawu.

Titenge mnyamata wa Sitandade 5 amene amalandidwa cholembera tsiku lililonse. M'gulu la ana ochepa, mnzake amasewera ngati wolandayo. Poyamba mnyamatayo amayang'ana pansi, mawu osatuluka. Amabwereza mpaka ataima chilili, n'kumuyang'ana m'maso, n'kunena kuti "Ndisiye!" mokweza, kenaka n'kupita pamene pali anthu. Sabata ina amaphunzira kupempha kulowa nawo m'masewero a mpira, chifukwa mwana woyenda yekha ndiye amasankhidwa ndi ozunza. Timadziwa kuti zikuyenda ngati pa buleki wayamba kukhala ndi anzake.

Magulu a ozunzidwa okhaokha anayesedwa ku England, ndipo kafukufuku wa Fox ndi Boulton wa 2003 anapeza kuti anawo anayamba kudziona kuti ndi ofunika, koma kuzunzidwako sikunachepe kwenikweni. Ine sindidabwa nazo, poti wozunzayo sanali m'chipindamo. Kwathu kuno pali vuto linanso. Mphunzitsi akaitana mayina pa asembule kuti awa atsale, gululo limapatsidwa dzina lonyoza tsiku lomwelo. N'chifukwa chake kuli bwino kulibisa mkati mwa kalabu wamba, kusakanizamo ana ena ochezeka, pamene ahedi ndi komiti ya makolo akuthana ndi wozunzayo padera. Mwana akamamenyedwa mpaka kuvulala, imeneyo si nkhani ya kalabu: aimbire 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene YONECO imayendetsa.