Inshuwalansi ya galimoto podutsa malire: Lungwena kupita ku Mozambique

Inshuwalansi ya galimoto yodulidwa m'Malawi kawirikawiri mphamvu yake imathera pachipata cha dziko. Wamalonda wa ku Lungwena amene wapakira usipa wouma, nadzera ku Namwera kuti akatulukire pa Chiponde, amafunika inshuwalansi ina akangoponda ku Mandimba.

Ambiri amasokonezeka ndi Yelo Khadi ya COMESA, imene inayamba kugwira ntchito mu 1987. Khadi imeneyi imadulidwa kukampani ya inshuwalansi konkuno ulendo usanayambe, ndipo imalandiridwa ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Tanzania. Ku Mozambique sigwira ntchito, chifukwa dzikolo silili nawo m'ndondomekoyi. Choncho wopita ku Lichinga kapena ku Cuamba amagula inshuwalansi ya ku Mozambique, imene nthawi zambiri imakhala ya masiku 30. Wopita ku Harare kudzera ku Tete amafunika zonse ziwiri.

Zonsezi zimalipira makamaka anthu ena: munthu amene wagundidwa, kapena mwini galimoto imene yaphwanyidwa. Lole yanu ikagubuduzika, kukonzetsa kwake ndi matumba a usipa aja zili kwa inu, ndipo apa m'pamene mpamba wa ambiri umathera. Amene ali ndi inshuwalansi yoteteza galimoto yake yomwe apemphe kampani yake kalata yosonyeza kuti chitetezocho chikufika ku Mozambique, anenenso poyera kuti galimotoyo ndi yamalonda. Musanachoke pachipata, onetsetsani kuti nambala ya galimoto ndi tsiku lothera zalembedwa molondola papepalalo.