Kusankha mitundu yowerengeka pa magalafu ndi mapu

Kusankha mitundu yowerengeka ndi njira yosanjira mitundu pa galafu kapena mapu kuti anthu osasiyanitsa bwino mitundu athe kuwerenga, ndiponso kuti chithunzicho chimvekebe chikasindikizidwa ndi inki yakuda yokha. Mfundo yaikulu ndi yakuti mitundu isiyane pa kuwala kwake, wina wodera, wina wowala.

Vuto losasiyanitsa mitundu

Vutoli nthawi zambiri limakhala lobadwa nalo, ndipo limapezeka kwambiri mwa amuna. Mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, lili ndi amuna pafupifupi 8 mwa 100 alionse, ndi mkazi mmodzi mwa 200. Ambiri amasokoneza chofiira ndi chobiriwira. Mtundu wabuluu ndi wa olenji amausiyanitsa mosavuta.

Kuyeza kuwala

Pa kompyuta mtundu uliwonse umalembedwa ndi manambala atatu a RGB, kuyambira 0 mpaka 255. Njira imodzi yodziwika yopezera mmene mtundu udzaonekere ukasanduka wotuwa ndi iyi:

```
Y = 0.299R + 0.587G + 0.114B
```

Yankho la 0 ndi chakuda bii, ndipo 255 ndi choyera mbee.

Mwachitsanzo, galafu ya mayeso ingaonetse olephera ndi chofiira (255, 0, 0) ndi okhoza ndi chobiriwira (0, 128, 0). Chofiiracho chimapereka 76, chobiriwira 75. Pa fotokope mizati iwiriyo imaoneka yofanana, ndipo wowerenga sangadziwe kuti okhoza ndi ati.

Mitundu ya Okabe ndi Ito

Asayansi a ku Japan, Masataka Okabe ndi Kei Ito, anakonza gulu la mitundu 8 yosasokoneza anthu a vutoli. Mu gululi muli wabuluu `#0072B2` ndi wa olenji `#E69F00`. Wabuluu umapereka 87, wa olenji 162. Galafu ya mayeso ija itajambulidwa ndi mitundu iwiriyi, mzati umodzi umatuluka wodera, wina wowala.

Komabe si mitundu yonse ya gululi imene imasiyana papepala. Wabuluu wowala `#56B4E9` umapereka 158, pafupi kwambiri ndi 162 ya olenji. Pa sikirini munthu wosasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira amaiona kuti ndi iwiri, koma pulinta ya inki yakuda imaitulutsa ngati umodzi. Choncho mavuto awiriwa amayesedwa payekhapayekha.

Malire ake

Mitundu ikachuluka, mpata wa kuwala pakati pake umachepa, ndipo fotokope imachepetsanso mpatawo. Pamenepo ojambula amawonjezera zizindikiro zina, monga mizere yodukaduka kapena timadontho m'kati mwa mizati, kapena amalemba dzina pambali pa mzere uliwonse. Asanagawe chithunzicho, amasindikiza tsamba limodzi ndi kuona ngati gawo lililonse likudziwika popanda mtundu.