Kamangidwe ka khoma la kanema: momwe mativi anayi amaonetsera chithunzi chimodzi

Khoma la kanema ndi mativi angapo opachikidwa mogundizana m'mizere, omwe onse pamodzi amaonetsa chithunzi chimodzi chachikulu. Makoma otere amapezeka m'mabwalo a ndege, m'matchalitchi akuluakulu, m'malo oonetsera mpira ndi m'zipinda zomwe alonda amayang'aniramo makamera. Tivi iliyonse imalandira gawo lake lokha la chithunzicho, ndipo ntchito yaikulu ya womanga ndi kuonetsetsa kuti magawowo akukumana bwino pamalire ndiponso akuoneka pa nthawi imodzi. Khoma lofala kwambiri ndi la mativi anayi, awiri pamwamba ndi awiri pansi. Chitsanzo cha m'nkhaniyi ndi khoma lotero la mativi a mainchesi 55.

Kukula kwa khoma ndi kagawidwe ka chithunzi

Mainchesi 55 amayezedwa kuchokera pangodya ina ya galasi kufika pangodya yoyang'anizana nayo. Galasi lotere limakhala masentimita pafupifupi 122 m'litali ndi 68 ndi theka m'mwamba. Mativi anayi akaphatikizidwa, khomalo limafika pafupifupi mamita awiri ndi theka m'litali ndi mita 1.4 m'mwamba, zomwe zikufanana ndi tivi imodzi ya mainchesi 110.

Chithunzi cha pativi chimapangidwa ndi timadontho towala totchedwa mapikiseli. Chithunzi cha mtundu wa 4K chili ndi mapikiseli 3840 m'litali ndi 2160 m'mwamba. Chikadulidwa pakati mopingasa ndi motsitsa, gawo lililonse limatsala ndi mapikiseli 1920 ndi 1080, omwe ndi okwanira kuti tivi imodzi ioneke bwino. Koma ngati gwero ndi dikoda yomwe imatulutsa chithunzi cha mapikiseli 1920 ndi 1080 okha, tivi iliyonse imalandira 960 ndi 540, nkuwatambasula kuti adzaze galasi lonse. Chithunzicho chimaoneka chosalongosoka kwa amene wakhala pafupi, ngakhale kuti kwa amene ali mamita anayi kapena asanu kuchokera pakhoma chimaonekabe bwino. Khoma limakulitsa chithunzi, koma siliwonjezera kanthu pa zomwe gwero lapereka.

Kasanjidwe ka mativi nakonso nkofunika. Mativi anayi kapena asanu ndi anayi, atatu mzere uliwonse, amasunga maonekedwe a tivi imodzi, kotero kuti chithunzi chimakwanira popanda kupotoka. Mativi atatu oyalidwa mu mzere umodzi amapanga khoma lalitali kwambiri, ndipo chithunzi wamba chimayenera kudulidwa pamwamba ndi pansi, apo ayi nkhope za anthu zimaoneka zophwatalala.

Chipangizo chogawa chithunzi

Ambiri amasokoneza zipangizo ziwiri zomwe zimafanana pamaso, chifukwa zonse zimakhala ndi polowera nthambo ya HDMI pamodzi ndi potulukira panayi. Choyamba ndi sipulita, yomwe imatumiza chithunzi chomwecho ku tivi iliyonse. Amene wagula sipulita amaona mpira womwewo kanayi. Chofunika ndi kontolola ya khoma la kanema, yomwe pabokosi pake pamalembedwa Video Wall Controller. Chipangizochi chimalandira chithunzi chimodzi, nkuchidula m'magawo anayi, ndipo gawo lililonse limatulukira pabowo lake.

Pogula kontolola, womanga ayenera kufufuza zinthu zitatu. Iyenera kukhala yolandira chithunzi cha 4K, yotha kuwerengera mafelemu a mativi, komanso yotha kutembenuza chithunzi chadodolido. Zifukwa za ziwiri zomalizazi zikufotokozedwa m'munsimu. Mabowo otulukira amakhala ndi manambala, ndipo kawirikawiri loyamba limapita kutivi yapamwamba kumanzere, lachiwiri yapamwamba kumanja, lachitatu ndi lachinayi kumzere wapansi. Nthambo zikasinthana, mutu wa munthu umaonekera pansi pa mapazi ake, ndipo kukonza kwake ndi kungobwezera nthambo pamalo pake.

Nthambo yochokera kugwero kupita kukontolola ndiyo imanyamula katundu wolemera, choncho iyenera kukhala yaifupi, yosapitirira mamita asanu. Ikatalika kapena ikakhala yosalimba, chithunzi chimathwanima, chimaoneka timadontho toyera, kapena chimazima kwa kanthawi nkubweranso. Palinso chitetezo chotchedwa HDCP, chomwe madikoda amagwiritsa ntchito poletsa kujambula mapulogalamu mwakuba. Kontolola yosagwirizana ndi chitetezochi imatha kuonetsa chithunzi cha kompyuta bwinobwino, koma ikalumikizidwa kudikoda mativi onse amangoda bii.

Vuto la mafelemu

Chomwe chimasiyanitsa khoma labwino ndi loipa ndi malire a mativi. Tivi iliyonse ili ndi felemu kuzungulira galasi lake. Ngati felemuyo ndi ya mamilimita 10, pamene mativi awiri agundana pamakhala mzere wakuda wa mamilimita 20. Pagalasi la mamilimita 1218 lomwe likuonetsa mapikiseli 1920, pikiseli iliyonse imatenga mamilimita 0.63. Mzere wakudawo ndiye kuti ukutenga malo a mapikiseli oposa 30.

Kontolola ikangodula chithunzi pakati osaganizira mzerewu, magawo awiri omwe amayenera kugundana amatalikirana ndi mamilimita 20. Chithunzi chimakhala ngati chang'ambidwa nkukankhidwira uku ndi uku. Mzere wopendekera umathyoka ukafika pamalire, bwalo lozungulira la pakati pa bwalo la mpira limasiya kukhala lozungulira, ndipo mpira ukamadutsa pamalirepo umaoneka ngati wadumpha.

Njira yothetsera vutoli imalembedwa Bezel Compensation pakontolola. Womanga amayeza mulitali wa tivi yonse pamodzi ndi felemu, kenako mulitali wa galasi lokha, nkulowetsa manambala awiriwa. Pachitsanzochi ndi 1238 ndi 1218. Amachitanso chimodzimodzi ndi miyezo ya m'mwamba. Makontolola ena otsika mtengo salandira manambala, amangokhala ndi batani losunthira malire pang'onopang'ono mpaka mizere italunjikana. Zikatero kontolola imataya kachigawo ka chithunzi komwe kakadagwera pamafelemu, ndipo woonera amakhala ngati akuyang'ana kunja kudzera pawindo la magalasi anayi: zomwe zili kuseri kwa chitsulo siziwoneka, koma zonse zili pamalo pake.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Chilembo chaching'ono chikagwera pamalire chimasowa chonse. Pa mpira ndi mafilimu izi sizivuta, koma tchalitchi lomwe likuonetsa mawu a nyimbo, kapena ofesi yoonetsa manambala, liyenera kusanja zolembazo kuti zipewe malire, kapena kuzimitsa njirayi. Pakhoma la mativi anayi mizere iwiri yakuda imapingasana pakatikati penipeni, pomwe nthawi zambiri pamagwera nkhope ya wolankhula. Khoma la mativi asanu ndi anayi lilibe vutoli chifukwa pakati pake pamakhala galasi lathunthu.

Mativi ambiri a m'nyumba ali ndi felemu yokhuthala kunsi, komwe kumakhala dzina la kampani ndi diso la rimoti. Kuti mzere wapakati usakule, omanga amapachika mativi a pamwamba chadodolido, kotero kuti mbali zopyapyala ndizo zimagundana, ndipo kontolola imatembenuza chithunzi cha mativi awiriwo. Masikirini omwe makampani monga Samsung ndi LG amapangira makoma otere ali ndi malire a mamilimita 3.5 kapena ocheperapo, mpaka 0.88, ndipo amatha kugwira ntchito usana ndi usiku. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa wa mativi wamba.

Kupachika

Mativi onse ayenera kukhala a kampani imodzi ndi mtundu umodzi, ogulidwa nthawi imodzi. Khoma la nyumba lomwe apachikidwapo liyenera kukhala lolimba komanso loongoka, chifukwa tivi imodzi ikatuluka kunja ndi mamilimita ochepa, malire amaonekeratu kwa amene wakhala cham'mbali. Pomwe pulasitala ndi yokhotakhota, womanga amayamba wakhoma zitsulo zoongoka, nkupachika mativi pazitsulozo. Zopachikira zabwino ndi zomwe zili ndi mabawuti osunthira tivi m'mwamba, m'mbali ndi kutsogolo itapachikidwa kale.

Ntchito imayamba ndi mzere wapansi, woyezedwa ndi levulo, popeza kupendekeka kwa mzerewu kumakwera mpaka pamwamba. Mativi a pamwamba sayenera kutsamira apansi. Pakati pawo pamasiyidwa mpata wa milimita imodzi, chifukwa zipangizozi zimafufuma pang'ono zikatentha, ndipo galasi lopanikizika limachita mawanga owala m'mphepete. Mpatawu umawerengedwanso poyeza malire. Kuseri kuyenera kutsala njira yodutsa mpweya, popeza kutentha kwa mativi apansi kumakwera kukafika kwa apamwamba.

Mitundu ndi nthawi

Mativi a m'nyumba amakonza chithunzi aliyonse payokha, ndipo zimenezi zimasokoneza khoma. Choyamba kuzimitsa ndi kudula m'mphepete komwe mativi ambiri amachita okha. Pamativi a LG chosankha choonetsa chithunzi chonse chimalembedwa Just Scan, pomwe pa Samsung chimalembedwa Fit to Screen kapena Screen Fit. Chikapanda kusankhidwa, manambala omwe alowetsedwa mukontolola sagwira ntchito.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Tivi iliyonse imatenga kanthawi kukonza chithunzi isanachionetse. Pachithunzi chosintha maulendo 50 pa sekondi, tivi imodzi ikangotsalira ndi ulendo umodzi, kamera ikamayenda mothamanga mizere yoongoka imaoneka yothyoka pamalire. Kuika mativi onse pa Game Mode ndi kuzimitsa njira zosalaza mayendedwe a chithunzi kumachepetsa vutoli.

Chachitatu ndi kuwala. Kachipangizo komwe kamasintha kuwala kwa tivi molingana ndi kuwala kwa m'chipinda kayenera kuzimitsidwa. Kenako womanga amaonetsa chithunzi choyera mbee pakhoma lonse, nkusankha tivi yosawala kwambiri kukhala muyezo, ndipo zinazo amazitsitsa mpaka zifanane nayo. Popeza mativi ndi amtundu umodzi, rimoti imodzi imawalamula onse pakamodzi, choncho pokonza imodzi maso a rimoti a zinazo amaphimbidwa ndi tepi yakuda.

Pomwe magetsi amathimathima, monga m'madera ambiri a m'Malawi, mativi ena magetsi akabwerera amayaka okha pomwe ena amadikira rimoti, ndipo kudina batani loyatsira kumazimitsa omwe ayaka kale. Womanga ayenera kuika mativi onse kuti aziyaka okha pabowo lomwelo la HDMI, ndiponso kuwateteza ndi chipangizo chotchinga magetsi amphamvu, chifukwa tivi imodzi ikapsa, kupeza ina yofanana nayo ndendende patapita zaka ziwiri kumavuta.

Muyezo womaliza ndi chithunzi cha bwalo lalikulu lozungulira chokhala ndi mizere iwiri yopendekera yochokera m'ngodya. Bwalolo likaoneka lozungulira ndipo mizereyo ikapitirira molunjika kudutsa malire onse, khoma lamangidwa bwino. Mzere ukathyoka chithunzi chitaima, vuto lili pamiyezo ya mafelemu kapena pakapachikidwe. Ukamathyoka pokhapokha chithunzi chikuyenda, vuto ndi kuchedwa kwa tivi imodzi.