Kasamalidwe ka Masiku Othera Mphamvu a Mankhwala ndi Zakudya: Njira ya "Choyamba Kutha, Choyamba Kutuluka" m'Boma la Mwanza

Nkhani ino ikufotokoza njira yosungira ndi kugulitsira katundu wosachedwa kuwonongeka, imene osunga mankhwala m'zipatala amaitchula mwachidule kuti FEFO. Lamulo lake ndi limodzi: katundu amene tsiku lake lothera mphamvu lili pafupi ndiye ayenera kuyamba kuchoka pa shelefu, ngakhale atakhala kuti wafika dzulo. Njirayi ndi yosiyana ndi ina yodziwika kwambiri yotchedwa FIFO, imene imati katundu woyamba kufika ndiye ayambe kugulitsidwa.

Chifukwa chake njira ziwirizi zimasiyana ku Mwanza

Sitolo imene imaoda katundu wake kwa munthu mmodzi, yemwenso amatenga ku fakitale imodzi, siona kusiyana kwenikweni pakati pa njira ziwirizi, pakuti chofika choyamba chimakhalanso choyamba kutha mphamvu. Ku Mwanza zinthu sizili choncho. Boma limeneli lili pa msewu wa M6, umene umachokera ku Zalewa n'kukafika pa chipata cha Mwanza, moyang'anana ndi Zobue m'dziko la Mozambique. Pa msewu umenewu pamadutsa magalimoto a katundu wochokera ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, pamene katundu wina amabwera kuchokera m'masitolo a pikulitsa a ku Blantyre.

Katoni ya mkaka kapena ya bisiketi imene yafika sabata ino ikhoza kukhala kuti inakhalitsa m'nyumba zosungira katundu kunja kwa dziko, ndipo yatsala ndi miyezi iwiri yokha. Ina imene inafika mwezi watha ikhoza kukhala ndi chaka chathunthu. Choncho tsiku lofikira katundu silinena kanthu za moyo wake. Chodalirika ndi tsiku lolembedwa pa paketi.

Kawerengedwe ka tsiku la pa paketi

Pa mankhwala pamalembedwa zinthu zitatu: tsiku lopangira, limene kawirikawiri limayamba ndi zilembo MFG, tsiku lothera mphamvu, loyamba ndi EXP, ndi nambala ya gulu limene mankhwalawo anapangidwira pamodzi. Pamene palembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga EXP 05/2025, ndiye kuti mankhwalawo amatha pa tsiku lomaliza la mweziwo, 31 Meyi 2025.

Pa zakudya pali mitundu iwiri ya masiku. Mawu akuti BEST BEFORE, kapena BB, amasonyeza tsiku limene wopanga amasiya kulonjeza kukoma ndi ubwino wa chakudyacho. Mawu akuti USE BY amaikidwa pa zakudya zimene zingadwalitse munthu tsikulo likadutsa, monga mkaka wofuna furiji, yogati ndi masoseji. Kwa wamalonda, masiku onse awiri ndi malire a kugulitsa. Katundu wolembedwa m'Chipwitikizi amakhala ndi mawu monga Validade kapena Val. m'malo mwa EXP, ndi Lote pa nambala ya gulu.

Msampha wina uli pa kalembedwe ka manambala. Tsiku lolembedwa 04/07/25 limatanthauza 4 Julaye 2025 pa katundu wambiri wa m'chigawo chino cha Africa, koma opanga a ku America amayamba ndi mwezi, kotero kuti kwa iwo ndi 7 Epulo. Pamene pali chikaiko, wogulitsa atenge tsiku loyambirira mwa awiriwo mpaka atafunsa amene anamugulitsa katunduyo.

Zoyenera kuchita katundu akamafika

Ntchito yaikulu imachitika pakhomo, katundu asanalowe. Wolandira atsegule katoni ndi kuona tsiku pa mapaketi enieniwo, chifukwa katoni imodzi imatha kukhala ndi magulu awiri osakanizidwa. Akatero alembe tsiku lothera mphamvu ndi cholembera chachikulu kumbali ya katoni imene imayang'ana kutsogolo, kuti liwoneke popanda kunyamula chilichonse.

Kenako gulu lililonse lilembedwe pa mzere wakewake m'kaundula kapena pa khadi la katundu: dzina, tsiku lofika, nambala ya gulu, kuchuluka kwake ndi tsiku lothera mphamvu. Kuphatikiza magulu awiri pa mzere umodzi kumabisa gulu limene lili pangozi.

Poika pa shelefu, chothera mphamvu msanga chikhale kutsogolo ndi pamwamba, ndipo chokhalitsa chipite kumbuyo ndi pansi. Apa m'pamene masitolo ambiri amalakwitsa. Wantchito wotopa amangoika katundu watsopano pamene pali mpata, ndipo mpata umakhala kutsogolo nthawi zonse. Njira yoyenera ndi kutsitsa zonse zimene zili pa shelefuyo, kuzisanja motsata masiku, n'kuzibwezera.

Chitsanzo chowerengera

Tiyerekeze sitolo ya mankhwala ya pa boma la Mwanza imene imagulitsa mabotolo 40 a mankhwala amadzi a ana a parasetamo mwezi uliwonse. Pa 1 Malichi 2025 mwini wake akuwerenga katundu ndipo akupeza magulu atatu. Gulu loyamba linafika mu Novembala 2024, latsala mabotolo 60, ndipo lidzatha mphamvu mu Disembala 2025. Gulu lachiwiri linafika kumayambiriro kwa Januwale 2025, lili ndi mabotolo 150, ndipo lidzatha mu Meyi 2025. Gulu lachitatu linafika mu Febuluwale, lili ndi mabotolo 100, ndipo lidzatha mu Sepitembala 2025.

Akatsata dongosolo la kafikidwe, ayamba ndi mabotolo 60 a gulu loyamba, amene amutengera mwezi ndi theka, mpaka pakati pa Epulo. Gulu lachiwiri litsala ndi mwezi ndi theka wokha, nthawi yogulitsa mabotolo 60. Mabotolo 90 atha mphamvu ali pa shelefu. Ngati botolo analigula pa K2,000, wataya K180,000.

Akayamba ndi chothera mphamvu msanga, gulu lachiwiri ligulitsidwa m'Malichi, Epulo ndi Meyi, omwe ndi mabotolo 120, ndipo otsala akhala 30 okha. Gulu lachitatu litenga miyezi iwiri ndi theka, kuyambira Juni mpaka pakati pa Ogasiti, nthawi yake isanakwane. Gulu loyamba lidzatha kumapeto kwa Sepitembala, kutatsala miyezi itatu. Chitayiko chatsika kuchoka pa mabotolo 90 kufika pa 30, popanda kugulitsa botolo limodzi loposa masiku onse.

Pali mfundo ina imene masamu amenewa sanaiwerengere. Kholo limene lagula botolo pa 29 Meyi likufuna kukaligwiritsa ntchito kunyumba kwa masiku angapo, mwinanso kulisunga kuti lidzathandize mwana akadzatenthanso thupi. Wogulitsa wosamala amachotsa mankhwala otere pa shelefu kutatsala pafupifupi mwezi. Akatero, gulu lachiwiri lili ndi miyezi iwiri yokha yogulitsira, mabotolo 80, ndipo otsala ndi 70.

Phindu la kuwerenga kumeneku ndi lakuti mwini sitolo akudziwa za mabotolo 70 amenewa m'Malichi, osati mu Juni. Ali ndi nthawi yokambirana ndi amene anamugulitsa kuti awabweze kapena awasinthe, ndipo akudziwa kuti sayenera kuodanso mankhwalawa kwa miyezi ingapo. Komanso kaundula akusonyeza pamene vuto linayambira. Akanayamba kugulitsa gulu lachiwiri litangofika mu Januwale, mabotolo onse 150 akanatha Epulo asanathe.

Masamu ake ndi awa: katundu wogulitsidwa pa mwezi achulukitsidwe ndi miyezi yotsala, ndipo yankho lichotsedwe pa kuchuluka kwa gululo. Chotsala ndicho chili pangozi. Kuwerenga kumeneku kuchitike mwezi uliwonse pa mankhwala ndi zakudya za m'zitini, sabata iliyonse pa mkaka wa m'mapaketi ndi zakumwa, ndiponso tsiku lililonse pa buledi ndi za m'furiji.

M'zipatala za boma, zimene zimalandira mankhwala ambiri kuchokera ku Central Medical Stores Trust, katundu wotere amanenedwa msanga ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti atumizidwe ku chipatala china chimene chingamugwiritse ntchito nthawi isanathe.

Pamene tsiku la pa paketi silikwanira

Tsiku lothera mphamvu limagwira ntchito pokhapokha katundu atasungidwa monga mwa malangizo a wopanga. Mankhwala ambiri amafuna kutentha kosapitirira madigiri 25 kapena 30, ndipo insulini ndi katemera wambiri zimafuna furiji ya pakati pa madigiri 2 ndi 8. Chipinda cha malata chopanda siling'i m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chimatha kupitirira malire amenewa, monganso galimoto imene yaima padzuwa kudikira mapepala pa chipata. Makatoni akhale pa matabwa okwera masentimita 10 kuchokera pansi ndi kutalikirana ndi khoma masentimita 30, kuti chinyezi cha nyengo ya dzinja chisawafike.

Zizindikiro za kuwonongeka zimaposa tsiku lililonse lolembedwa. Chitini kapena paketi ya mkaka yofufuma, mapiritsi osintha mtundu, onyenyeka kapena omatirirana, ndi ufa wa mankhwala umene wagwirana ngati mwala, zonsezi zichotsedwe ngakhale tsiku likanali kutali. Katundu akatsegulidwa, nthawi yake imafupikanso. Mankhwala a ufa a amokisilini akasungunulidwa ndi madzi amakhala sabata imodzi kapena ziwiri zokha, malinga ndi zolembedwa pa botolo.

Zokolola zilibe tsiku lolembedwa, koma lamulo ndi lomwelo. Wogulitsa manachesi, amene boma la Mwanza limadziwika nawo, kapena matimati, ayambe kugulitsa dengu lakupsa kwambiri ngakhale litathyoledwa pambuyo pa ena, ndipo zipatso zosupuka kapena zofewa azipatule msanga chifukwa nkhungu imafalikira kwa zinzake.

Katundu amene watha mphamvu

Katundu wotha mphamvu achotsedwe tsiku lomwelo, alembedwe m'kaundula ndi kusungidwa padera m'katoni yolembedwa momveka kuti si wogulitsa. Kumusiya pafupi ndi katundu wabwino ndiko kumachititsa kuti abwerere pa shelefu mwangozi. Mankhwala asatayidwe kudzala, m'chimbudzi kapena mumtsinje. Mwini sitolo afunse malangizo a katayidwe ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene limayang'anira malonda a mankhwala motsata lamulo la 2019. Pa zakudya, afunse alangizi a zaumoyo a khonsolo ya boma.

Kufufuta tsiku, kumata pepala lina pamwamba pake, kapena kuthira katundu wotha mphamvu m'majumbo opanda chizindikiro ndi chinyengo chimene chimaika moyo wa ogula pangozi. Chinyengo chotere chimadziwika ndi inki yofufutika, pepala lomatidwa pamwamba pa lina, kapena tsiku la pa botolo losiyana ndi la pa bokosi lake. Wogula amene wapeza katundu wotere asunge paketiyo ndi lisiti, ndipo akadziwitse bungwe la Malawi Bureau of Standards, la Competition and Fair Trading Commission, kapena ofesi ya zaumoyo pa chipatala cha boma cha Mwanza.